Kodi makasitomala anu amabwereradi? Mmene mungawerengere magulu a ogula pa shopu ya pa intaneti

Eni mashopu ambiri a pa intaneti akafuna kudziwa ngati makasitomala awo ndi okhulupirika amatenga anthu onse amene agula mwezi uno n'kuwerenga kuti ndi angati mwa iwo amene anagulapo kale. Nambala imeneyi imasangalatsa, koma imanama.

Tiyerekeze shopu yogulitsa mafuta a tsitsi ndi sopo, yomwe inatsegulidwa mu Januwale ndipo imalandira maoda pa webusayiti ndi pa WhatsApp. Manambala onse a shopuyi ndi ongoyerekezera, koma tiyenda nawo mpaka kumapeto. Mu Malichi anthu 344 anagula, ndipo 44 mwa iwo anali akale, kutanthauza 13 peresenti. Mu Juni anagula anthu 245, akale anali 105, pafupifupi 43 peresenti. Mwini shopu akhoza kuombera m'manja kuti kukhulupirika kwakwera katatu. Chonsecho palibe chasintha pa khalidwe la ogula. Shopu yangokula msinkhu, ndiye akale achuluka, komanso mu Malichi munabwera atsopano ambiri amene anatsitsa nambalayo. Mutasiya kutsatsa malonda lero, osabweranso watsopano ndi mmodzi yemwe, nambalayi ingafike 100 peresenti bizinesi ikufa.

Njira yabwino ndi kugawa makasitomala m'magulu potengera mwezi umene aliyense anagula koyamba, kenako n'kutsatira gulu lililonse palokha pamene miyezi ikupita. Amene anayamba mu Januwale amakhala a gulu la Januwale mpaka kalekale. Zili ngati khadi ya kusikelo: namwino sayerekeza mwana wa miyezi iwiri ndi wa zaka zinayi, amaona kulemera kwa mwana pa msinkhu wake, ndiponso amaona kumene mzere ukulowera.

Gawo loyamba: sonkhanitsani maoda onse, ndipo dziwani kuti kasitomala ndi ndani

Mufunika zinthu zinayi zokha pa oda iliyonse: nambala ya oda, foni ya wogula, tsiku, ndi ndalama. Ngati shopu yanu ili pa Shopify kapena WooCommerce, tulutsani maoda ngati fayilo ya CSV n'kuitsegula mu Google Sheets kapena Excel. Maoda a pa WhatsApp alembeni momwemo ndi manja. Musawasiye, chifukwa makasitomala okhulupirika kwambiri ndi amene amasiya webusayiti n'kuyamba kungotumiza uthenga kuti "mundisungire awiri ngati aja". Mukawasiya, tebulo lidzakuuzani kuti anthu amene amakukondani koposa ndi amene anakuthawani.

Yambirani pa tsiku limene shopu inatsegulidwa. Ngati shopu ili ndi zaka zitatu koma mwatulutsa maoda a chaka chino okha, makasitomala onse akale adzaoneka ngati atsopano a Januwale, ndipo gulu la Januwalelo lidzawala mwachinyengo kuposa ena onse.

Chotsani maoda amene anakanidwa, amene sanalipiridwe, ndi amene munabweza ndalama zake. Maoda awiri a munthu mmodzi pa tsiku limodzi aphatikizeni akhale amodzi. Mayi amene waitanitsa mafuta m'mawa n'kukumbukira sopo masana sanabwerere, anangoiwala.

Ntchito yaikulu ili pa kuzindikira munthu, ndipo apa m'pofunika kudekha, chifukwa cholakwika chilichonse pano chimasokoneza masamu anu onse. Kuno kwathu foni ndi yodalirika kuposa imelo, koma nambala imodzi imalembedwa mosiyanasiyana: wina amayamba ndi +265, wina ndi 0, wina amasiya mipata, ndipo Excel imakonda kudya 0 woyambirira. Mankhwala ake ndi kutenga manambala 9 omalizira okha. Ngati kolamu A ndi oda, B foni, C tsiku, D ndalama, lembani izi mu E2 n'kukokera pansi:

```
=RIGHT(SUBSTITUTE(B2," ",""),9)
```

Izi sizithetsa zonse. Anthu ambiri ali ndi mizere iwiri, wa Airtel ndi wa TNM, ndipo lero alipira pa Airtel Money, mwezi wamawa pa Mpamba. Ena amalipira pa foni ya amuna awo, ena kudzera kwa ejenti wa pamsika. Mukatenga nambala imene yatumiza ndalama, munthu mmodzi asanduka anthu atatu ogula kamodzikamodzi, kapenanso ejenti mmodzi aoneka ngati kasitomala wanu wamkulu. Gwiritsani ntchito nambala ya munthu amene anaitanitsa katundu, imene mumacheza nayo. Ngati mchemwali ali ku Joni ndipo amagulira mayi ake ku Zomba, kasitomala ndi mchemwaliyo, poti ndiye amaganiza zogulanso. Mukatha, sanjani tebulo potsata mayina n'kuyang'ana ndi maso: dzina limodzi, malo amodzi otumizira katundu, manambala awiri, ameneyo ndi munthu mmodzi. Mupatseni nambala imodzi mu kolamu E.

Gawo lachiwiri: makolamu anayi owonjezera

Sanjani maoda potsata tsiku, akale pamwamba. Kenako onjezani mwezi wa oda mu F, mwezi umene munthuyo anagula koyamba mu G, miyezi imene yapita kuchokera pamenepo mu H, ndi chizindikiro mu I choti munthu awerengedwe kamodzi kokha pa mwezi.

```
F2  =EOMONTH(C2,-1)+1
G2  =MINIFS(F:F,E:E,E2)
H2  =DATEDIF(G2,F2,"M")
I2  =IF(COUNTIFS(E$2:E2,E2,F$2:F2,F2)=1,1,0)
```

F imasandutsa tsiku lililonse kukhala 1 wa mwezi womwewo. G ndiye gulu la munthuyo. H ndi msinkhu wake ngati kasitomala: 0 ndi mwezi umene anayamba, 1 ndi wotsatira. MINIFS imapezeka mu Google Sheets ndi mu Excel kuyambira ya 2019. Ngati F ikulemba zolakwika, kawirikawiri ndi chifukwa choti masiku analowa ngati mawu, kapena pulogalamu yasokoneza tsiku ndi mwezi, 3/4 n'kukhala 4 Malichi m'malo mwa 3 Epulo.

Gawo lachitatu: pangani tebulo la magulu

Sankhani zonse, pitani pa `Insert` kenako `Pivot table`. Ikani G pa `Rows`, H pa `Columns`, ndi I pa `Values` ngati `SUM`. Shopu yathu, pofika kumapeto kwa Juni, yatulutsa izi:

| Gulu | Mwezi 0 | 1 | 2 | 3 | 4 | 5 |
|---|---|---|---|---|---|---|
| Januwale | 120 | 18 | 30 | 22 | 20 | 19 |
| Febuluwale | 100 | 14 | 24 | 19 | 17 | |
| Malichi | 300 | 28 | 36 | 24 | | |
| Epulo | 110 | 17 | 27 | | | |
| Meyi | 130 | 18 | | | | |
| Juni | 140 | | | | | |

Musanapitirire, yesani ngati tebulo ndi loona. Kuphatikiza kolamu ya mwezi 0 kuyenera kupereka makasitomala anu onse, pano 900. Ngati nambala ya m'bokosi lina iposa ya mwezi 0, ndiye kuti mukuwerenga maoda, osati anthu.

Tsopano gawani bokosi lililonse ndi nambala ya mwezi 0 ya gulu lomwelo, osati ndi ya mwezi wapitawo:

| Gulu | 1 | 2 | 3 | 4 | 5 |
|---|---|---|---|---|---|
| Januwale | 15% | 25% | 18% | 17% | 16% |
| Febuluwale | 14% | 24% | 19% | 17% | |
| Malichi | 9% | 12% | 8% | | |
| Epulo | 15% | 25% | | | |
| Meyi | 14% | | | | |

Mabokosi opanda kanthu asiyeni choncho. Miyezi imeneyo sinafike, ndipo mukalembamo 0 girafu idzaonetsa ngati anthu onse athawa. Mwezi umene sunathe nawonso musauike. Mukapanga tebulo pa 10 Julaye, mabokosi onse a Julaye adzakhala otsika chabe chifukwa mwezi udakali wakhanda, ndipo mudzadwala mutu pachabe.

Jambulani girafu ya mizere, gulu lililonse mzere wake, miyezi ili mmunsi ndi maperesenti m'mbali. Yambirani pa mwezi 1. Mwezi 0 nthawi zonse ndi 100 peresenti, ndipo mukauika umapanikizira mizere yonse pansi moti kusiyana kwake sikuoneka.

Gawo lachinayi: werengani mzere

Chinthu choyamba chimene maso amaona ndi kugwa: anthu 120 anagula, mwezi wotsatira 18 okha. Ambiri amataya mtima pomwepa. Koma kugwa koyamba kumachitika pafupifupi pa shopu iliyonse imene anthu sagula mokakamizidwa mwezi ndi mwezi, ndipo kumanena zochepa za kukhulupirika. Funso lenileni ndi loti mzere ukatha kugwa ukuchita chiyani.

Mzere wa Januwale ukuti 18, 17, 16. Wagona. Kugona kumeneku ndiye chizindikiro choti pali kagulu ka anthu amene aika mafuta anu pa mndandanda wa zogula zawo, ndipo mwezi uliwonse pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu ndi mmodzi a gululo amabwera. Shopu yotere imakula ngakhale atsopano asachuluke, chifukwa gulu lililonse limasiya otsalira ake pamwamba pa a magulu akale. Pamene mzere wagonera ndiye muyeso wa kukhulupirika umene ine ndimaukhulupirira.

Mzere wina ukhoza kuyamba pamwamba kuposa uwu, kunena 30, 22, 15, 9, 5, koma osapeza pogona. Umenewu ndi woipa kuposa wathu ngakhale miyezi iwiri yoyamba ikuoneka yokongola. Anthu akuyesa kawiri katatu n'kuchoka, ndipo shopu imakhala ikudalira atsopano mpaka ndalama zotsatsira zitatha. Vuto lotere silikhala la kutsatsa. Limakhala pa katundu, pa mtengo, kapena pa kuchedwa kufikitsa. Palinso mzere umene umagwa, n'kugona, kenako n'kuyamba kukwera. Umachitika shopu ikabweretsa katundu watsopano amene wakoka akale. Ndi wosowa, choncho mukauona yambani mwaukayikira, tiona chifukwa chake posachedwa.

Nanga kanthu kaja ka pa mwezi 2, pamene 15 wakwera kufika 25 asanatsikenso? Si kukhulupirika kumene kwakwera. Ndi botolo limene latha. Ngati botolo la mafuta limatenga masabata asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu, munthu wokhutira kotheratu alibe chifukwa chogulira mwezi wotsatira. Ndiye pa shopu iyi mwezi 1 si woweruzira kanthu. Woweruzira ndi mwezi 2 ndi 3. Wogulitsa ndiwo zamasamba ayenera kuwerenga masabata, wogulitsa nsapato awerenge miyezi itatuitatu. Wogulitsa matiresi kapena mafiriji njirayi simuthandiza kwenikweni, popeza munthu wosangalala ndi firiji sabwera kudzagula ina. Muyeso wa nthawi uzigwirizana ndi nthawi imene katundu amathera.

Miyezi ya pa kalendala ilinso ndi kachinyengo kake. Wogula pa 30 Januwale n'kugulanso pa 2 Febuluwale amawerengedwa kuti wabwerera mwezi 1, pamene wogula pa 2 ndi pa 28 Januwale saoneka paliponse. Ngati malonda anu amaunjikana kumapeto kwa mwezi anthu akalandira, izi zimasokoneza ndithu. Pamenepo werengani masiku kuchokera pa oda yoyamba ya munthu aliyense, n'kuwagawa m'zigawo za masiku 30 polemba izi mu H2, ndipo kolamu I iziyang'ana H m'malo mwa F:

```
=INT((C2-MINIFS(C:C,E:E,E2))/30)
```

Gawo lachisanu: tsikani ndi kolamu, kenako dutsani chopendekera

Kuwerenga chopingasa kwatiuza moyo wa gulu limodzi. Kutsika ndi kolamu kumayerekeza magulu pa msinkhu wofanana, ndipo ndi kumene kumaonetsa ngati shopu ikupita patsogolo. Pa mwezi 2 tili ndi 25, 24, 12, 25. Magulu atatu ndi ofanana, kusonyeza kuti kukwera kwa 13 mpaka 43 peresenti kuja kunalibe kanthu. Malichi yekha ndi amene wapatuka.

Gulu likapatuka, funsani kuti anthu ake anabwera bwanji. Mu Malichi shopu yathu inatsitsa mtengo n'kulengeza pa Facebook. Onjezani kolamu yosonyeza ngati oda yoyamba ya munthu inali ya mtengo wotsitsa, n'kugawa gululo pawiri. Anthu 100 amene anagula pa mtengo wonse anabwerera 14, 24, 18, chimodzimodzi anzawo a miyezi ina. Anthu 200 a mtengo wotsitsa anabwerera 14, 12, 6, kutanthauza 7, 6 ndi 3 peresenti. Mzere wawo ukulunjika pansi ndipo sunadumphe n'komwe pa mwezi 2 pamene botolo linatha. Anthuwa anabwera chifukwa cha mtengo, osati mafuta. Mwezi umene unaoneka wopambana pa malonda ndi umene unabweretsa makasitomala osakhalitsa.

Kugawa kotereku mungakuchitenso potengera katundu woyamba amene munthu anagula, mzinda umene amakhala, kapena ngati katundu wake woyamba anafika mochedwa. Sankhani chinthu chimene chinadziwika pa oda yoyamba. Kugawa potengera zimene zinachitika pambuyo pake, monga "amene analowa gulu lathu la WhatsApp", kumasocheretsa, chifukwa amene amalowa ndi amene anali kale okhutira.

Kudutsa chopendekera ndi kumene ambiri amaiwala. Mabokosi amene ali pa mzere wopendekera umodzi ndi a mwezi umodzi wa pa kalendala: mwezi 4 wa Januwale, mwezi 3 wa Febuluwale, mwezi 2 wa Malichi ndi mwezi 1 wa Epulo onse ndi Meyi. Onsewa akatsika pamodzi, vuto si magulu, ndi Meyi. Mwina katundu anatha, mwina webusayiti inkakana malipiro, mwina mafuta a galimoto anasowa ndipo katundu sanayende. Nyengo nayo imaoneka motero: Disembala amakweza magulu onse, Januwale wa sukulu fizi amawatsitsa onse. Pa girafu kutsika kumeneku kumagwa pa malo osiyana pa mzere uliwonse, ndiye sikuoneka msanga. Pa tebulo lopakidwa mitundu kumaoneka ngati mkwasa wopendekera. Sungani kabuku ka zochitika pambali: tsiku limene munakweza mtengo, sabata imene katundu anatha. Pakapita chaka simudzakumbukira.

Misampha iwiri ya masamu

Woyamba ndi kuchepa kwa anthu. Pa gulu la anthu 100 limene pafupifupi 17 amabwerera, mwayi wokha ukhoza kusuntha nambalayo ndi mapointi 7 kumwamba kapena kunsi popanda chilichonse kusintha. Ndiye kusiyana kwa 14 ndi 15 peresenti si nkhani, pamene 18 ndi 3 ndi nkhani. Gulu likakhala la anthu 30, munthu mmodzi ndi mapointi oposa atatu, ndipo mzere umangodumphadumpha. Ngati atsopano anu safika 50 pa mwezi, phatikizani miyezi itatu ikhale gulu limodzi.

Wachiwiri ndi mzere umodzi woimira magulu onse, umene aliyense amafuna kuti aonetse mnzake wa bizinesi kapena a kubanki. Poupanga phatikizani anthu, osati maperesenti. Pa mwezi 2 anabwerera 117 mwa 630, ndiye 19 peresenti. Mukangotenga pakatikati pa maperesenti anayi aja mupeza kupitirira 21, chifukwa mwapatsa gulu la anthu 300 mphamvu yofanana ndi la 100. Koma ngakhale muwerenge bwino, taonani chimene chichitike kumchira. Pa mwezi 3 ndi 65 mwa 520, pafupifupi 13 peresenti. Pa mwezi 4 ndi 37 mwa 220, ndiye 17 peresenti. Mzere wakwera! Koma palibe amene wabwerera mwachilendo. Gulu lofooka la Malichi silinafike mwezi 4, ndiye latuluka m'chiwerengero. Mizere yambiri yokwera kumchira imabadwa motere. Mukaona kukwera, bwererani ku magulu paokhapaokha muone ngati lililonse likukweradi.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: ndi anthu angati anabwererapo, ndipo liti

Tebulo lathu likuti anthu 19 a Januwale anagula mu Juni, 20 mu Meyi. Silikutiuza ngati ndi anthu omwewo mwezi uliwonse kapena anthu 40 amene akusinthana, aliyense kugula pakapita miyezi iwiri. Kuti mudziwe, werengani oda yachiwiri yokha. Mu J2 lembani:

```
=COUNTIFS(E$2:E2,E2)
```

Izi zimapatsa oda iliyonse nambala yake pa moyo wa kasitomala: 1, 2, 3. Panganinso `Pivot table` ina yofanana ndi yoyamba, koma pa `Values` muwerenge maoda, ndipo pa `Filters` musiye J yofanana ndi 2 yokha. Pa gulu la Januwale, oda yachiwiri inabwera motere: anthu 5 mwezi womwewo, 15 mwezi 1, 21 mwezi 2, 5 mwezi 3, 3 mwezi 4, ndi mmodzi mwezi 5. Onse pamodzi ndi 50 mwa 120, pafupifupi 42 peresenti. Chithunzi chasintha: si munthu mmodzi mwa asanu ndi mmodzi amene anakhala, koma awiri mwa asanu anabwererapo, ndipo ambiri amagula modumphitsa mwezi.

Chofunika kwambiri apa ndi nthawi. Mwa anthu 50 aja, 46 anali atabwera pofika mwezi 3. Amene sanabwere pofika pamenepo, mwayi woti adzabwera yekha ndi wochepa kwambiri: mwa 74 otsala, anayi okha anaonekera m'miyezi iwiri yotsatira. Ndiye ngati mukufuna kukumbutsa munthu, nthawi yake ndi pamene botolo likutha, cha m'sabata yachisanu ndi chimodzi, osati pakatha theka la chaka.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: ikanipo ndalama

Tiyerekeze kuti oda iliyonse imasiya phindu la K4,000 mutachotsa mtengo wa katundu, mapaketi ndi mayendedwe, ndipo kupeza kasitomala mmodzi watsopano kumadya K6,000 ya kutsatsa. Kuti masamu apepuke, tiwerenge oda imodzi pa munthu pa mwezi umene wagula. Gulu la Januwale lapereka oda imodzi pa munthu mwezi 0, ndiye K4,000. Kuonjeza mwezi 1 zikufika K4,600, mwezi 2 K5,600, mwezi 3 kupitirira K6,300. Ndalama yotsatsira yabwerera m'mwezi 3, ndipo kuchokera pamenepo mzere wogona uja umangoonjezera pafupifupi K650 pa munthu mwezi uliwonse.

Anthu 200 a mtengo wotsitsa anasiya phindu la K1,000 lokha pa oda yoyamba. Maoda awo 32 a pambuyo pake, pa K4,000 iliyonse, akupereka K640 pa munthu. Pamodzi ndi K1,640 pofika mwezi 3, mzere ukupita kotha. Ngakhale kuwapeza kukanakhala kotchipa, kunena K3,000 pa munthu, ndalamayo sidzabwerera.

Chenjerani ndi makwacha poyerekeza magulu a zaka zosiyana. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti ndipo mitengo inatsatira. Tebulo la ndalama lodutsa nthawi imeneyo lidzaonetsa makasitomala akale "akugula kwambiri" pamene mwina akutenga botolo limodzi m'malo mwa awiri. Kukhulupirika kuwerengeni ndi anthu, maoda ndi mabotolo. Makwacha asungireni funso la phindu.

Yang'ananinso mayina amene ali pamwamba. Pa mashopu ambiri a zodzola pamakhala amayi awiri kapena atatu amene amaoda katoni kukagulitsa ku saluni kwawo. Pa tebulo la anthu sasokoneza, poti aliyense ndi mmodzi, koma pa tebulo la ndalama akhoza kunyamula gulu lonse pamutu. Apatuleni muwawerengere paokha.

Zimene mzere sungakuuzeni

Mzere umaonetsa kuti anthu akubwerera, suonetsa chifukwa. Ukhoza kugona chifukwa amakonda katundu wanu, kapena chifukwa palibe wina amene amafikitsa katundu wotere ku Karonga. Awiriwa amafanana pa girafu mpaka tsiku limene wopikisana naye wafika. Chizindikiro chabwino ndi chimene chimachitika mukakweza mtengo: ngati mzere wopendekera wa mwezi umenewo watsika pang'ono n'kubwerera pamalo pake mwezi wotsatira, anthuwo ndi anu. Kupitirira apo, tengani anthu khumi a gulu la Januwale amene anagula kamodzi osabweranso, muwaimbire mwaulemu. Kawirikawiri mayankho amazungulira pa zinthu ziwiri kapena zitatu zokha. Fayilo ya manambala a anthu isamayende m'magulu a WhatsApp. Ngati wina akukuthandizani masamu, mpatseni kope limene manambala a foni asinthidwa ndi manambala ongopeka.

Mukaganiza zosintha kanthu, monga kutumiza uthenga wokumbutsa m'sabata yachisanu ndi chimodzi, musatumizire onse n'kuyerekeza gulu la Julaye ndi la Juni, chifukwa miyezi iwiriyo imasiyana pa zinthu zambiri. Gawani gulu la mwezi umodzi pawiri mosakondera: amene nambala yawo ya foni ikuthera pa 0, 2, 4, 6 kapena 8 alandire uthenga, enawo ayi. Lembani zimenezi mu kolamu yake, dikirani mpaka mwezi 3 uthe, n'kujambula mizere iwiri. Ngati theka lililonse lili ndi anthu 60 okha, kusiyana kwa anthu awiri kapena atatu sikukwanira kuweruzira, ndiye bwerezani ndi magulu a miyezi itatu yotsatizana n'kuwaphatikiza. Ndipo musaime pa oda yachiwiri. Uthenga, makamaka wokhala ndi kutsitsa mtengo, ukhoza kungofulumizitsa munthu amene akanagula ndithu sabata yotsatira. Onani mwezi 4 ndi 5: ngati mizere iwiri yakumananso pamenepo, uthengawo unangosuntha tsiku logulira, ndipo ngati wa olandira uthenga wagona pamwamba pa unzake, pitirizani kutumiza.